Mafunso a M1, M2 ndi M3: osangotchula chilembo, perekani chifukwa

Misozi: Mwaswera bwanji nonse. Mayeso a ekonomikisi ali Lachisanu ndipo mutu wa miyeso ya ndalama za m'dziko, naro mane imene ndi M1 ndi bulodi mane imene ndi muyeso waukulu, ukundizunguza. Ndili ndi mafunso asanu osankha yankho amene tinakonza pa gulu lathu lowerenga. Ndiziponya limodzilimodzi. Koma chonde, wina asangolemba "C" n'kuthawa, anene chifukwa chake. Aphunzitsi Tembo, ngati muli pafupi mutiwongole.

Aphunzitsi Tembo: Ndilipo mwanawe, malaiti angobwera kumene kuno ku Kapata. Ponya. Ine ndiziyankha pomalizira, ndikufuna ndione kaye mmene mukuganizira.

Misozi: Funso loyamba. Ndi iti mwa izi imene imawerengedwa mu M1?
A. K10,000 imene ili mu fikisidi dipoziti ya miyezi 6
B. Ndalama za mapepala zimene zili m'sefa ya banki
C. K10,000 imene ili mu karenti akaunti ya mwini golosale
D. Tirejale bilu ya masiku 91

Chikondi: B. Naro mane ndi ndalama zimene ukhoza kugula nazo nthawi yomweyo, ndipo palibe chachangu kuposa kashi. Funso lophweka ili, bweretsa lina.

Dalitso: Inenso mtima ukuti B, koma C ikundiyang'ana.

A Naphiri: Chikondi, ndinakhala pa kauntala ya banki zaka zambiri, ndiye ndikufunse. Mwini golosale wabwera m'mawa ndi K10,000 m'jumbo. Ndawerenga, ndadinda pepala, akaunti yake yakwera ndi K10,000. Madzulo mapepala aja ndawamanga m'mitolo ndawaika m'sefa. Tsopano m'dziko muno muli K10,000 kapena K20,000?

Chikondi: K10,000 kumene, mayi. Sizinaswane.

A Naphiri: Ndiye ukawerenga za m'akaunti, n'kuwerenganso za m'sefa, upeza zingati?

Chikondi: Aaa. Ndaona. Ndawerenga mbuzi imodzi kawiri, kukhola ndi kudambo.

Aphunzitsi Tembo: A Naphiri andilanda ntchito. Yankho ndi C. Chikondi sanalakwe zonse, chifukwa n'zoona kuti M1 imayang'ana ndalama zimene munthu angalipire nazo pompopompo. Chimene waiwala ndi funso lachiwiri: ndalamazo zili m'manja mwa yani? Miyeso yonseyi imawerenga ndalama za anthu ndi mabizinesi, osati za mabanki eniake. Pepala la K100 likakhala m'thumba mwa mayi wogulitsa tomato pa Saturday Market, lili mu M1. Likangolowa m'sefa ya banki latuluka, ndipo m'malo mwake mwalowa nambala ya mu akaunti. A yagwa chifukwa fikisidi ndi yomangidwa mpaka nthawi ikwane. D si ndalama n'komwe, ndi pepala losonyeza kuti wabwereketsa boma. Kuti ugule nalo thumba la ufa uyenera kuligulitsa kaye kapena kudikira masiku 91.

Dalitso: Nanga za m'sefa sizimawerengedwa paliponse?

Aphunzitsi Tembo: Zimawerengedwa, koma mu muyeso wina, wa ndalama zochokera ku banki yaikulu, umene ena amautcha rizevu mane. Mmenemo muli kashi yonse imene Banki ya Zambia inatulutsa, kuphatikiza ndalama zimene mabanki asungitsa ku banki yaikuluyo. Umenewo tiusiye lero, ungatisokeretse.

Misozi: Funso lachiwiri ndi la masamu. Manambala ndi ongopeka, onse m'mamiliyoni a kwacha. Kashi yonse imene banki yaikulu inatulutsa ndi 120, ndipo 20 mwa imeneyo ili m'masefa a mabanki. Makarenti akaunti a anthu ndi makampani ali ndi 300. Akaunti ya boma ili ndi 50. Masevingizi 150, mafikisidi 200, ndipo maakaunti a madola akasinthidwa ndi 250. M1 ndi zingati?
A. 400
B. 420
C. 470
D. 550

Dalitso: 120 kuchotsa 20 ndi 100. Kuphatikiza 300 ndi 400. A. Koma ya boma ndaisiya mongoyerekeza, chifukwa sindikuchidziwa.

Chikondi: D. 100 ndi 300 ndi 150. Ndipo pano sindigonja msanga. Akaunti yanga ndi ya sevingizi. Ndili ndi khadi, ndimatapa pa makina usiku ngakhale Lamulungu, ndimalipira nayo m'sitolo, ndimatumiza ku foni. Ikusiyana pati ndi karenti? Munthu andiuze kuti ndalama yanga si yachangu.

Mabvuto: Ine ndimaona ngati funso likunama. Dziko lonse kukhala ndi kashi ya 120 miliyoni yokha? Pa boda ya Mwami pokha pamadutsa zambiri kuposa pamenepo.

Misozi: A Mabvuto, ndanena kuti ndi manambala ongopeka 😂

Mabvuto: Pepani, ndikuwerenga ndili m'basi.

Aphunzitsi Tembo: Yankho la pa mayeso ndi A. Taonani mmene wolemba funso amatcherera misampha, chifukwa yankho lolakwa lililonse lili ndi mwini wake. B, ya 420, ndi ya munthu amene waiwala kuchotsa za m'sefa. C, ya 470, ndi ya amene waiwala zomwezo n'kuwonjezanso 50 ya boma. D ndi ya Chikondi. Mukalemba moyala zikhala chonchi:

```
M1 = (120 - 20) + 300 = 400
M2 = M1 + 150 + 200 = 750
M3 = M2 + 250 = 1000
```

Za boma, Dalitso. Ndalama za boma lalikulu sizilowa chifukwa boma siliwononga ndalama ngati ine ndi iwe. Ine ndikaona akaunti yanenepa ndimapita kukagula malata. Boma limawononga motsata bajeti, ndipo likhoza kubwereka kapena kukhometsa msonkho. Ndalama zake zimayamba kuwerengedwa tsiku limene zachoka kwa ilo n'kufika kwa munthu. Chitsanzo chake mukuchidziwa: mlimi wa ku Chadiza wapereka chimanga ku FRA, bungwe la boma logula mbewu, ndalama zikadali m'akaunti ya boma sizili mu M1. Tsiku limene zalowa m'akaunti ya mlimi, M1 yakwera.

Chikondi: Zimenezo ndamva aphunzitsi, koma simunandiyankhe za sevingizi.

Aphunzitsi Tembo: Sindinakuiwale, ndimamwa madzi. Iweyo uli ndi mfundo, ndipo si iwe woyamba kuiona. Malire pakati pa karenti ndi sevingizi anaikidwa nthawi imene mwini sevingizi ankanyamula kabuku kupita nako ku banki, kuima pa mzere, ndipo sankatha kulemba cheke. Kuti alipire munthu ankayenera kutapa kaye. Ndi chifukwa chake mabuku amaika sevingizi mu M2. Makadi ndi mafoni afafaniza malire amenewo kwambiri. Ku Amerika banki yaikulu inachotsa mu 2020 lamulo loletsa kutapa kapena kusamutsa ndalama za sevingizi koposa kasanu ndi kamodzi pa mwezi, ndipo kuyambira ndi ziwerengero za Meyi chaka chomwecho masevingizi anayamba kuwerengedwa mu M1. Amene amaona chithunzi cha M1 ya kumeneko amadabwa kuti yalumpha ngati bulu wolumidwa ndi njuchi, pamene mbali yaikulu ya kulumphako ndi kusintha kwa tanthauzo chabe.

Koma Lachisanu sukulemba mayeso a ku Amerika. Funso likakupatsa karenti payokha ndi sevingizi payokha, likufuna kuti uzilekanitse. Ukaika sevingizi mu M1 udzakhala wolondola m'mutu mwako ndi wolakwa pa pepala.

A Naphiri: Ndipo si masevingizi onse amene ali ngati ya Chikondi. Ena ali ndi ndalama yotsalira imene sungaikhudze, ena ukatapa kawirikawiri amakudula kapena chiwongola dzanja chimatsika. Ndinkakangana ndi makasitomala za zimenezi mwezi uliwonse.

Chikondi: Ndilemba A, koma mtima sunavomere.

Misozi: Mtima wako sulandira satifiketi. Funso lachitatu. Mlimi wa ku Katete wagulitsa soya ndipo K8,000 yalowa mu karenti akaunti yake. Kenako wasamutsa K5,000 kuiika mu fikisidi ya miyezi 6. Kusamutsaku kwachita chiyani?
A. M1 yatsika, M2 yatsika
B. M1 yatsika, M2 sinasinthe
C. M1 sinasinthe, M2 yakwera
D. Zonse sizinasinthe

Dalitso: Ndinayamba ndasankha china chimene kulibe: M1 yatsika, M2 yakwera. Popeza fikisidi ili mu M2 ndipo yalandira K5,000. Bwanji yankho limeneli palibe?

Chikondi: Chifukwa M1 ili m'kati mwa M2, Dalitso. Si madengu awiri oyandikana. Ndi kadengu kakang'ono m'dengu lalikulu. Watola mtedza m'kakang'ono wauponya m'lalikulu, ukanyamula lalikulu kulemera n'chimodzimodzi. B.

Aphunzitsi Tembo: Eya, lero wabweza ngongole. B. Asanasamutse, mlimiyu amapereka K8,000 ku M1 ndi K8,000 yomweyo ku M2. Atasamutsa, ku M1 kwatsala K3,000, pamene ku M2 kuli K3,000 ndi K5,000, zomwe ndi K8,000 ija. Dalitso, yankho lako lolakwalo olemba mayeso ambiri amaliika dala, ndipo limagwetsa anthu ochuluka kuposa ena onse. Uli ndi mwayi kuti Misozi sanaliike.

Tsopano ndikupotozereni. Mlimi yemweyo watapa K2,000 kuchokera mu karenti, waika m'thumba kuti akagule feteleza. M1?

Dalitso: Sinasinthe. Karenti yatsika ndi K2,000, kashi ya m'manja yakwera ndi K2,000, zonse zili m'kadengu komweko.

Aphunzitsi Tembo: Nanga akadatapa mu sevingizi?

Dalitso: M1 ikwera ndi K2,000, M2 ikhala pomwepo.

A Zulu: Pepani kulowerera, ine sindilemba mayeso, anandiika pa gulu lino ndi mphwanga. Koma nkhaniyi yandikhudza. Ndili ndi kabuthi ka mobayilo mane pafupi ndi msika. Anthu ambiri amene ndimawathandiza alibe karenti, alibe sevingizi. Ndalama zawo zili mu foni. Mayi amalipira sukulu ndi foni, wa njinga amalandira ndi foni. Ndiye mwatchula A mpaka D katatu konse, foni sinamveke. Ndalama zimenezi zili mu M iti? Kapena aphunzitsi mukuti si ndalama?

Chikondi: M1 basi. Palibe chachangu kuposa foni.

A Naphiri: Wayambanso "palibe chachangu kuposa".

Aphunzitsi Tembo: A Zulu, mwachita bwino kufunsa. Tiyambe ndi inuyo. Fuloti mumaipeza bwanji?

A Zulu: Ndimatenga kashi, mwachitsanzo K10,000, ndimakaika ku banki kapena ndimapatsa ejenti wamkulu, ndiye mu foni yanga ya ntchito mumalowa K10,000 ya fuloti. Munthu akabwera ndi K500 kuti aike, ndimalandira pepala, fuloti yanga imatsika ndi K500, foni yake imakwera ndi K500. Akabwera wotapa zimatembenuka. Vuto langa la tsiku lililonse ndi limenelo: m'mawa fuloti yambiri kashi palibe, madzulo kashi yadzaza m'kabati fuloti yatha, makasitomala akubwerera.

Aphunzitsi Tembo: Mwafotokoza bwino kuposa buku. Ndiye onani. K10,000 imene munakaika ija sinasowe. Kampani ya foni imayenera kusunga ku banki ndalama zofanana ndi zonse zimene zili m'mafoni a anthu, mu akaunti yapadera imene si yoti kampaniyo izidyera. Kwacha iliyonse ya mu foni ili ndi mnzake ku banki. Ndi nkhani ya a Naphiri ija yabweranso: ukawerenga za mu foni n'kuwerenganso za mu akaunti yapaderayo, wawerenga mbuzi kawiri. Uyenera kusankha mbali imodzi.

Tsiku limene inu munakaika K10,000, kashi ya m'manja mwa anthu inatsika ndi K10,000, ndipo ndalama zosungitsa zinakwera ndi K10,000. Bulodi mane sinasinthe. Mayi wa K500 uja atabwera, pepala linachoka m'manja mwake kulowa m'kabati yanu, ndipo kabati yanu si sefa ya banki, ndiye likadali kunja. Fuloti inangosamuka kuchoka kwa inu kupita kwa iye. Palibe chimene chinakula.

A Zulu: Ndiye ine tsiku lonse ndimatuluka thukuta osasintha kanthu?

A Naphiri: Mumasintha komishoni yanu, achimwene 😄

Chikondi: Koma funso la a Zulu silinayankhidwe. M1 kapena M2?

Aphunzitsi Tembo: Mwa khalidwe lake ndi ya M1, chifukwa umalipira nayo munthu wina mwachindunji, pa mtengo wake wonse, osadikira. Malangizo a IMF a kawerengedwe ka ndalama amaiona ndalama ya mtundu umenewu ngati dipoziti yosamutsika, gulu limodzi ndi karenti.

A Naphiri: Apa ndikutsutsani pang'ono aphunzitsi. Owerenga ziwerengero amatenga manambala m'malipoti amene mabanki amatumiza. Ngati akuwerengera mbali ya ku banki, ndiye zitengera kuti akaunti yapadera ija yakhala mu mtundu wanji. Ikakhala yotapa nthawi iliyonse, ili ku M1. Koma gawo lina litaikidwa pa nthawi kuti libale chiwongola dzanja, lipezeka kunja kwa M1, ngakhale mayi wa ku msika akuona ngati ndalama yake ili m'manja.

Aphunzitsi Tembo: Sindikana. Khalidwe la ndalama ndi malo amene yalembedwa nthawi zina siziyenda limodzi. Chimene tonse tikugwirizana n'chakuti mu bulodi mane ilimo, ndipo ilimo kamodzi. Misozi, likabwera pa mayeso popanda tanthauzo lina loperekedwa, sankha M1 ndipo ngati pali malo olemba, tchula za kuwerenga kawiri.

A Naphiri: Pa mayeso inde. Koma nkhaniyi sitinaimalize, tidzaibwerera.

Misozi: Funso lachinayi. Wamalonda wa mu Chipata ali ndi madola 1,000 mu akaunti ya ndalama zakunja ku banki ya kuno. Mtengo wa dola wachoka pa K25 kufika pa K27. Iye sanaike kapena kutapa kalikonse. Chachitika n'chiyani?
A. M1 yakwera ndi K2,000
B. Palibe chasintha chifukwa sanaike ndalama
C. M3 yakwera ndi K2,000, M1 sinasinthe
D. M3 yatsika chifukwa kwacha yagwa mphamvu

Mabvuto: Ili ndi langa. D. Kwacha ikagwa tonse timasauka. Ine ndimaoda katundu, ndikudziwa. Mwezi umene dola yakwera, K25,000 imene inkadzaza kabokosi imabwera ndi katundu wosafika pakamwa. Ndalama zachepa, palibe zokambirana.

Dalitso: A Mabvuto, funso silikufunsa zimene ndalama ingagule. Likufunsa nambala.

Mabvuto: Nambala yopanda mphamvu ndi ya chiyani?

Aphunzitsi Tembo: Kudandaula kwanu n'koona a Mabvuto, koma mwayankha funso lina. M3 ndi chiwerengero cha makwacha, sichiyesa kuti makwachawo agula matumba angati. Ndipo kuno kwathu Banki ya Zambia ikamanena bulodi mane imatanthauza M3, imene imaphatikiza ndalama zakunja zimene zasungitsidwa m'mabanki. Popanga chiwerengero, madola aja amasinthidwa kukhala makwacha pa mtengo wa nthawiyo. Madola 1,000 pa K25 ndi K25,000. Pa K27 ndi K27,000. M3 yakwera ndi K2,000 popanda munthu kulowa m'banki. Yankho ndi C.

Zimenezi si zongosewera pa mayeso. Gawo lalikulu ndithu la ndalama zosungitsa m'mabanki a Zambia lili m'madola, makamaka chifukwa cha migodi ndi makampani ogulitsa kunja. Ndiye mukamva pa wailesi kuti bulodi mane yakula kwambiri chaka chimene kwacha yagwa, musathamangire kunena kuti asindikiza ndalama. Funsani kaye kuti mbali ingati ya kukulako ndi madola omwe aja atangovala nambala yaikulu. Kwacha ikalimba zimatembenuka, M3 imaoneka ngati yafota.

Chikondi: Koma aphunzitsi, ngati akaunti ya madolayo ndi yotapa nthawi iliyonse, bwanji isalowe mu M1?

Aphunzitsi Tembo: Pita nayo dola pa Kapata ukagule kapenta. Uyenera kusintha kaye, ndipo sudziwa kuti mawa idzakupatsa makwacha angati. Masitepe awiri amenewo ndi amene amaitulutsa mu M1.

Mabvuto: Chabwino, ndagonja. Nanga ine ndikamachokera ku Mchinji ndimatsala ndi makwacha a Malawi m'chikwama, ndipo kunyumba ndili ndi timadola pang'ono pansi pa matiresi. Zimenezo zili mu M3?

A Naphiri: Mwangouza gulu lonse pamene mumabisa.

Aphunzitsi Tembo: Sizilimo. M3 ikuwerenga zimene zasungitsidwa ku banki, chifukwa ndi zimene banki ingalembe mu lipoti. Za pansi pa matiresi palibe akuziona. Mukadzazipititsa ku banki n'kutsegula akaunti, tsiku limenelo M3 idzakwera. Makwacha a Malawi aja ndi nkhani ya Reserve Bank of Malawi, kwa iwo ndi kashi imene ili kunja kwa mabanki, ngakhale yagona ku Chipata.

Dalitso: Ndiye dziko lililonse lili ndi M3 yake?

Aphunzitsi Tembo: Ndipo ena alibe n'komwe. Amerika inasiya kufalitsa M3 mu 2006, bulodi mane yawo ndi M2. Ku Britain amanena za M4. Ndi chifukwa chake funso lakuti "bulodi mane ndi M2 kapena M3" lilibe yankho limodzi pokhapokha litatchula dziko. Mukalipeza lopanda dziko, onani mayankho anayiwo: amene akuphatikiza M1 ndi ndalama zosungitsa za nthawi ndiye akufunidwa.

Misozi: Lomaliza, bandulo yanga ikutha. Ndi chiti chimene chikukulitsa bulodi mane?
A. Munthu watapa K2,000 mu karenti pa makina
B. Banki yakweza malire a kirediti khadi ya munthu kufika K15,000
C. Gulu la chilimba lapereka K3,000 kwa membala wa mwezi uno
D. Banki yapereka ngongole ya K20,000 n'kuiika mu karenti ya kasitomala

Dalitso: A tinaipha kale. C ndi ndalama zongochoka m'manja mwa amayi khumi kupita kwa mmodzi. Kwatsala B ndi D.

Chikondi: B si ndalama, ndi chilolezo chobwereka. Palibe chalowa m'akaunti ya aliyense. D. Koma ndili ndi chikaiko: K20,000 imeneyo banki yaitenga kwa osungitsa ena, ndiye si kungosamutsa ngati chilimba?

Aphunzitsi Tembo: Yankho walasa, D, ndipo chikaiko chakocho ndiye phata la mutu wonsewu. A Naphiri, tsiku limene munthu walandira ngongole, ndi kasitomala uti amene akaunti yake imatsika?

A Naphiri: Palibe. Ndi mizere iwiri pa kompyuta. Mbali ina kwalembedwa kuti uyu ali ndi ngongole ya K20,000, mbali ina akaunti yake yakwera ndi K20,000. Amene anasungitsa dzulo akabwera kudzafunsa, ndalama zawo zonse zilipo.

Aphunzitsi Tembo: Pamenepo ndiye pasiyana ndi chilimba. Mu chilimba, kuti mmodzi alandire K3,000 amayi khumi achotsa K300 aliyense m'chitenje. Wa kaloba naye akakubwereka K500, thumba lake lapepuka ndi K500. Ku banki palibe wapepukidwa, koma pali munthu watsopano amene ali ndi K20,000 yoti alipire nayo. Ndi ndalama yatsopano, M1 yakwera, M2 ndi M3 zakwera nayo. Akagula nayo simenti, imangosamukira ku akaunti ya mwini sitolo, ikadalipo. Imafa tsiku limene ngongole yabwezedwa: akaunti itsika, ngongole ifafanizidwa.

Banki siingachite zimenezi mopanda malire. Iyenera kusunga gawo la madipoziti ku Banki ya Zambia, iyenera kukhala ndi mpamba wokwanira, ndipo wobwereka akalipira munthu wa ku banki ina, iyenera kukhala ndi zolipirira banki inayo. Chiwongola dzanja chikakwera obwereka amachepanso. Kuyambira 2012 banki yaikulu imalengeza mlingo wake wa chiwongola dzanja, ndipo ndi umenewo umene mumamva ukutchulidwa kwambiri kuposa M3.

Za B, Chikondi wanena bwino, ndingowonjeza kuti tsiku limene mwini khadi wagula nayo katundu wa K4,000, banki yalipira sitolo ndipo ngongole yabadwa. Pamenepo K4,000 yalowa m'chiwerengero, osati K15,000.

A Zulu: Ndiye mapepala atsopano aja a K200 ndi K500 atatuluka mu 2025, anthu pa buthi ankati ndalama zachuluka m'dziko. Zinali zoona?

Aphunzitsi Tembo: Mukapereka ma K100 asanu n'kulandira K500 imodzi, muli ndi zingati? N'chimodzimodzi ndi Januwale 2013 pamene anachotsa maziro atatu, K50,000 n'kukhala K50. Manambala onse anagawidwa ndi 1,000, koma palibe amene analemera kapena kusauka.

Mabvuto: Ine ndinasauka. Ndinali miliyoneya.

Dalitso: Aphunzitsi, tirejale bilu ya mu funso loyamba ikundivutabe. Ngati ndatenga K10,000 mu karenti n'kugula bilu yatsopano kwa boma, M1 yatsika, ndamva. Koma M3? Ndikuganiza kuti sinasinthe, monga za fikisidi zija.

Aphunzitsi Tembo: Usafulumire. Fikisidi inatsala m'dengu lalikulu. Bilu ili m'dengu liti? Ndipo K10,000 yako yapita mu akaunti ya yani? Bwerera ku funso lachiwiri uone 50 ija.

Chikondi: Ndikudziwa! Ndinene?

Misozi: Ayi, musiye avutike. Dalitso, tikudikira. Ine ndikukagula bandulo kwa a Zulu.

A Zulu: Bwera ndi kashi mlongo, fuloti ilipo.